Boma likamakongola m'mabanki, wa geni ya usipa amatsala ndi chiyani?

Amalonda ambiri a ku Senga Bay, Chipoka ndi pa Kamuzu Road akhala akudandaula zofanana zaka zapitazi. Akapita kubanki kukapempha ngongole yoonjezera mpamba, amauzidwa chiwongoladzanja chodutsa 30 peresenti pachaka, ndipo amafunsidwa chikole chomwe alibe. Ena amangobwezedwa pakhomo. Komatu mabanki omwewo chaka chilichonse amalengeza phindu lalikulu, kusonyeza kuti ndalama akubwereketsa ndithu. Funso nlakuti akubwereketsa kwa yani. Gawo lalikulu la yankho lili mu bajeti ya boma, ndipo wamalonda amene wamvetsa nkhaniyi amadziwa nthawi yoyenera kukongola ndi nthawi yoyenera kudikira.

Kuperewera kwa bajeti nchiyani

Chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo ndi kutha pa 31 Malichi. Chisanayambe, nduna ya zachuma imapita ku Nyumba ya Malamulo ndi bajeti, yomwe ili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi ndalama zomwe boma likuyembekeza kupeza. Zambiri mwa izi ndi misonkho yomwe bungwe la MRA limatolera, kuphatikizapo thandizo lochokera ku maiko ndi mabungwe akunja. Mbali yachiwiri ndi ndalama zomwe boma likufuna kugwiritsa ntchito: malipiro a aphunzitsi, anamwino ndi apolisi, mankhwala a m'zipatala, feteleza wotsika mtengo, misewu, komanso chiwongoladzanja cha ngongole zakale.

Mbali yachiwiri ikaposa yoyamba, pamakhala mpata. Mpata umenewu ndiye kuperewera kwa bajeti. Ndi bwino kusiyanitsa mawu awiri omwe anthu amawasokoneza. Kuperewera ndi kwa chaka chimodzi chokha. Ngongole ya boma ndi mulu wa zonse zomwe lakongola zaka zambiri ndipo silinabweze. Kuperewera kwa chaka chilichonse kumakaunjikana pamulu uja.

Bajeti ya 2025/26, yomwe nduna ya zachuma ya nthawiyo, a Simplex Chithyola Banda, adapereka mu Febuluwale 2025, ikuonetsa bwino nkhaniyi. Boma lidakonza zogwiritsa ntchito pafupifupi K8.05 thiliyoni, pomwe limayembekeza kupeza K5.58 thiliyoni. Mpata udali K2.47 thiliyoni. Manambala a mathiliyoni savuta akachepetsedwa: pa K100 iliyonse yomwe boma lidafuna kugwiritsa ntchito, K69 ndiyo idali yake, ndipo K31 idayenera kukongoledwa.

Kukongola pakokha si mlandu. Msodzi amene wakongola kuti agule injini ya boti akhoza kubweza ndi nsomba zomwe injiniyo yamupezetsa. Boma nalo likakongola kuti limange msewu kapena sikimu ya ulimi wothirira, chumacho chikhoza kudzabweza ngongoleyo. Vuto limabwera pamene ngongole yatsopano ikungolipira yakale. Mu bajeti yomweyi, chiwongoladzanja chokha cha ngongole zakale chidayikidwa pa K2.17 thiliyoni, ndiye kuti K27 pa K100 iliyonse. Ndalama yomwe boma lidafuna kukongola idali yongoposa pang'ono yomwe limayenera kupereka kwa okongoza ake.

Boma limakongola kuti

Njira zotsekera mpata zilipo ziwiri: kukongola kunja kapena kukongola m'dziko momwemuno. Kale thandizo lakunja linkadzaza gawo lalikulu la bajeti. Zinthu zidasintha mu 2013 pamene nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma, ija ya Kashigeti, idaululika. Maiko othandiza adasiya kuthira ndalama mwachindunji mu bajeti. Kenako ngongole yakunja nayo idakula kufika poti okongoza akunja adayamba kuzengereza. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 ndi chilala cha 2024 zidaonjezera zofunika kulipira pomwe zokolola zidachepa.

Zitatero, boma lidatembenukira m'nyumba. Pa K2.47 thiliyoni ija, K2.33 thiliyoni idakonzedwa kuti ikongoledwe m'dziko muno. Pa K100 iliyonse ya mpatawo, K94 idayenera kuchokera kwa a Malawi eni ake.

Boma silipita pakauntala ngati munthu wamba. Limagulitsa zikalata za ngongole kudzera ku banki yaikulu, Reserve Bank of Malawi. Chikalata chotere ndi lonjezo loti boma lidzabweza ndalama pa tsiku lakuti pamodzi ndi chiwongoladzanja. Zilipo zazifupi, zomwe a kubanki amazitcha matirezhale bilu, za masiku 91, 182 ndi 364. Ziliponso zazitali, za zaka ziwiri mpaka khumi. Ogula ake aakulu ndi mabanki, makampani a inshulansi ndi mabungwe osunga ndalama za penshoni.

Ndalama zomwe mabanki amagulira zikalatazi ndi zomwe anthu adasungitsa: malipiro a mphunzitsi wa ku Khombedza, ndalama za mpunga wa ku Lifuwu, zosunga za mwini golosale wa pa boma. Thumba lake ndi lomwelo lomwe wamalonda amayembekeza kukongolamo.

Wogula wamkulu akafika padoko

Aliyense amene adapikulako nsomba ku Nguwo kapena ku Chikombe amadziwa zomwe zimachitika wogula wa lole akafika m'mawa. Iye amafuna nsomba zambiri, amalipira pompopompo, ndipo sanenerera mtengo kwambiri. Asodzi amayamba kugulitsa kwa iyeyo. Amayi a mabeseni amapeza zinthu ziwiri nthawi imodzi: nsomba zatsala zochepa, ndipo mtengo wa zotsalazo wakwera. Palibe amene wawathamangitsa padoko, koma ena amabwerera beseni lili gwa.

Pamsika wa ngongole, boma ndiye wogula wa lole. Kukankhidwa kwa amalonda kumachitika m'njira ziwiri zomwezo, kuchepa kwa ndalama zobwereketsa ndi kukwera kwa mtengo wake. Mtengo wa ndalama ndi chiwongoladzanja. Boma likafuna ndalama zambiri sabata ndi sabata, limayenera kulonjeza chiwongoladzanja chokopa. Mu 2024 chikalata cha masiku 91 chinkapereka 16 peresenti pachaka, cha masiku 182 chinkapereka 20, cha masiku 364 chinkapereka 26, ndipo cha zaka khumi chinkafika pa 35.

Masamu a woyang'anira banki

Chitsanzo chongoyerekeza chithandiza kuona mmene banki imaganizira. Banki ili ndi K10 miliyoni yoti ibwereketse kwa chaka chimodzi, ndipo ili ndi njira ziwiri.

Njira yoyamba, igule chikalata cha boma cha masiku 364 pa 26 peresenti. Chaka chikatha, ilandira K10 miliyoni yake ndi phindu la K2.6 miliyoni. Sipafunika galimoto yopita ku Senga Bay, sipafunika wantchito woyendera bizinesi, sipafunika loya. Banki imaonanso kuti boma silingathawe m'dziko, ndipo ngongole ya makwacha limatha kuibweza ngakhale pokongola ina.

Njira yachiwiri, ibwereketse amalonda khumi a nsomba, aliyense K1 miliyoni, pa 35 peresenti, kuti adzabweze chaka chikatha. Onse akabweza, phindu ndi K3.5 miliyoni, ndipo njirayi ikuoneka yoposa. Koma mmodzi yekha akalephera kotheratu, kaya boti lamira kaya matenda agwa pakhomo, asanu ndi anayi otsalawo abweza K12.15 miliyoni. Phindu latsika kufika pa K2.15 miliyoni, lomwe ndi lochepa kuyerekeza ndi la chikalata cha boma. Pamenepo banki sinachotse mafuta a galimoto, malipiro a wantchito ndi nthawi yolondola ochedwa kubweza.

Choncho banki imachita chimodzi mwa zitatu. Imakweza chiwongoladzanja cha amalonda, kapena imafuna chikole cholimba monga nyumba ya lizi, kapena imangoti pepani. Amalonda ambiri a m'mbali mwa nyanja amakhala pamalo a makolo opanda lizi, ndipo boti, chilimira kapena thandala loyanikira usipa si chikole chomwe mabanki ambiri amachikonda. Ndiye amene amayamba kugwa pamzere ndi iwowo, pomwe makampani aakulu ndi antchito olandira malipiro kudzera kubanki amapezabe ngongole.

Masamu omwewa akusonyeza kuti chiwongoladzanja cha boma chili ngati pansi pa nyumba. Palibe banki yomwe ingabwereke wa geni pa 20 peresenti pamene boma likupereka 26. Chikalata cha boma chikadakhala pa 10 peresenti, amalonda khumi aja akadakhala makasitomala ofunidwa ngakhale pa 25 peresenti, chifukwa ngakhale mmodzi atalephera, asanu ndi anayi akadabweza K11.25 miliyoni, kuposa K11 miliyoni ya kuboma.

Njira zina ziwiri zomwe mpatawu umafikira pamsika

Nthawi zina boma limatapa ndalama ku banki yaikulu yeniyeniyo. Ndalama zoterezi sizichokera kwa munthu amene adasunga, zimakhala zatsopano. Makwacha akachuluka pomwe chimanga, mafuta ndi sopo sizinachuluke, mitengo imakwera. Mu 2024 mitengo ya zinthu idakwera ndi pafupifupi 30 peresenti kapena kuposerapo poyerekeza ndi chaka cham'mbuyo. Zidathandizira ndi zinanso, monga chilala ndi kugwetsedwa mphamvu kwa kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso 44 peresenti mu Novembala 2023.

Pofuna kuletsa mitengo, banki yaikulu imakweza chiwongoladzanja chake chotsogolera, chomwe chimatchedwa polise reti. Kumayambiriro kwa 2022 chidali pa 12 peresenti. Chidakwera pang'onopang'ono mpaka kufika pa 26 peresenti mu Febuluwale 2024. Mabanki onse amatsatira. Wamalonda amamenyedwa kawiri: katundu woti awode wakwera, ndipo ngongole yoti awodere yakweranso.

Njira ina ndi yosaoneka pa bajeti. Ndalama zikachepa, maofesi a boma amachedwa kulipira omwe adawagulitsa katundu. Munthu amene wapereka nyemba, nkhuni kapena nsomba zouma kusukulu yogonera kapena kuchipatala nkudikira malipiro miyezi isanu ndi umodzi, ndiye kuti wakongoza boma popanda chiwongoladzanja. Ngati katunduyo adawodera ndalama ya ngongole, iye akulipira chiwongoladzanja mwezi uliwonse pa ndalama yomwe ili m'manja mwa wina. Nayenso amachedwa kulipira amene adamupatsa katundu, ndipo kuchedwako kumayenda mpaka kwa msodzi ndi mlimi.

Zimatanthauzanji pa beseni la usipa

Nachi chitsanzo china choyerekeza. Mayi wogula usipa wouma ku Senga Bay nkukagulitsa ku Lilongwe akufuna K600,000 yoonjezera mpamba, yobweza m'miyezi isanu ndi umodzi. Ulendo uliwonse, akachotsa thiransipoti, matumba ndi chiphaso cha pamsika, amatsala ndi K40,000 pa mpamba woonjezerawo. Mwezi wabwino amayenda maulendo atatu, ndiye kuti K120,000.

Chiwongoladzanja chikawerengeredwa pa K600,000 yonse, pa 20 peresenti pachaka alipira K10,000 pamwezi. Pa 36 peresenti alipira K18,000. Banki ikamukana nkupita ku bungwe la ngongole zing'onozing'ono lomwe likufuna 6 peresenti pamwezi, alipira K36,000. Mabungwe oterewa ena amakongolanso kumabanki, ndiye chiwongoladzanja chikakwera kumtunda chimatsikira kwa iwo. Akakanidwanso kumeneko, chatsala ndi katapila, komwe ndalama imatha kubereka theka lake pamwezi umodzi.

Mwezi wa maulendo atatu, K36,000 imapiririka, ngakhale kuti akaonjeza K100,000 ya mutu wa ngongole, K136,000 yaposa kale phindu la mweziwo ndipo ayenera kutapa pang'ono pampamba. Koma nyanja ili ndi kalendala yake. Mwera ukamawomba kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, asodzi amakhala masiku osalowa m'madzi. Mwezi ukawala usiku, usipa subwera bwino ku nyali. Mwezi wotere mayiyu akhoza kuyenda ulendo umodzi wokha. Phindu K40,000, chiwongoladzanja K36,000, ndipo K100,000 ija ikudikirabe. Apa mpamba umadyeka, ndipo ngongole yomwe idabwera kudzakuza geni ndiyo imaitseka.

Pali funso limodzi lomwe limasintha masamu onsewa: kodi chiwongoladzanja chikuwerengeredwa pa ndalama yonse yoyamba, kapena pa yotsala? Pa 6 peresenti ya ndalama yonse, miyezi isanu ndi umodzi imadya K216,000. Pa 6 peresenti ya yotsala, mwezi woyamba ndi K36,000, wachiwiri K30,000, kenako K24,000, K18,000, K12,000 ndi K6,000, zonse pamodzi K126,000. Nambala yolembedwa pa chikwangwani ndi imodzi, koma kusiyana kwake ndi K90,000. Wokongola wanzeru amapempha kuti amulembere papepala ndalama yonse yomwe adzabweze, kuphatikizapo ya fomu ndi ya inshulansi, asanasayine.

Si zonse zochokera ku boma

Nkoyenera kunena malire a nkhaniyi. Ngakhale boma litasiya kukongola mawa, banki idzafunabe chikole, idzafunabe kuona mabuku a bizinesi, ndipo idzaopabe geni yodalira mphepo ya panyanja. Kukwera mitengo nako kumakweza chiwongoladzanja pakokha, chifukwa wobwereketsa pa 20 peresenti pamene zinthu zikukwera ndi 30 amakhala akuluza. Palinso nthawi zomwe mabanki amakhala ndi ndalama zongokhala, ndipo boma likakongola zimenezo silikhala litalanda munthu. Kukankhidwa kwa amalonda kumakula pamene mpata wa bajeti ndi waukulu, ukubwerezabwereza chaka ndi chaka, ndipo ndalama zosungidwa m'dziko ndi zochepa. Umu ndi mmene zakhalira ku Malawi zaka zaposachedwapa, ndipo mabungwe monga Banki Yaikulu ya Dziko Lonse ndi IMF akhala akuchenjeza za zomwezi.

Mbiri ikuonetsanso kuti zinthu zimatha kubwerera. Kuyambira 2001 mpaka 2003 boma linkakongola kwambiri m'dziko muno, ndipo chiwongoladzanja cha m'mabanki chinkadutsa 40 peresenti. Kuyambira 2004, pamene a Goodall Gondwe adali nduna ya zachuma, boma lidachepetsa kukongola m'nyumba. Mu 2006 ngongole zambiri zakunja zidakhululukidwa. Pofika 2008 chiwongoladzanja cha banki yaikulu chidali chitatsika kufika pa 15 peresenti, ndipo ngongole za mabanki kwa anthu ndi makampani zidakula.

Zizindikiro zomwe wamalonda angatsate

Manambala omwe ali pamwambawa ndi a zaka zotchulidwazo, ndipo amasintha. Wamalonda safunika digiri kuti adziwe kumene mphepo ikulowera. Zinthu zitatu zimakwana, ndipo zonse zimamveka pawailesi kapena kutuluka m'nyuzipepala.

Choyamba ndi bajeti, yomwe imawerengedwa chaka cha boma chisanayambe nkuunikidwanso pakati pa chaka. Mawu ofunika kutchera khutu ndi a kuchuluka kwa ndalama yomwe boma likongole m'dziko muno. Ikakula kuposa chaka chatha, ngongole zotsika mtengo zili kutali.

Chachiwiri ndi chiwongoladzanja cha chikalata cha masiku 364. Chikayamba kutsika nkukhala chotsika kwa miyezi ingapo, mabanki amayamba kusakasaka makasitomala ena, ndipo amene adakanidwa kale akhoza kuyesanso.

Chachitatu ndi refarensi reti, chiwongoladzanja choyambira chomwe mabanki amalengeza mwezi uliwonse. Mu 2024 ndi 2025 chidali cha m'ma 25 peresenti. Banki imaonjezerapo gawo lake malinga ndi mmene ikumuonera wokongolayo. Ngongole zambiri za kubanki zimamangidwa pa nambala imeneyi, kutanthauza kuti ikakwera, zobweza pamwezi zimakweranso ngakhale munthu adasayina kale. Nkofunika kufunsa ngati chiwongoladzanja chili chokhazikika kapena choyenda.

Zochita nthawi ya ndalama yodula

Chiwongoladzanja chikakhala pamwamba, ngongole imayenera katundu woyenda msanga yekha. Usipa wogulidwa lero nkugulitsidwa sabata yomweyo ukhoza kubweza ngongole yodula. Kumanga shopu kapena kugula firiji ndi ngongole ya 6 peresenti pamwezi nkovuta, chifukwa phindu lake limabwera mochedwa. Muyeso wabwino ndi mwezi woipa: ngati phindu la mwezi wa mwera silingakwanitse chobweza cha mweziwo, ngongoleyo ndi yaikulu kuposa geni.

Nthawi yokongola igwirizane ndi nyengo ya nsomba kapena yokolola mpunga, ndipo wokongola apemphe kuti masiku obweza atsate nthawi yomwe ndalama imalowa. Banki mkhonde ndi masako zili ndi ubwino umodzi woonekeratu: ngakhale chiwongoladzanja cha m'magulu ambiri chili chokwera pamwezi, chimabwerera kwa mamembala pogawana. Kugula mogwirizana, amalonda angapo nkubwereka galimoto imodzi yopita ku Lilongwe, kumachepetsa ndalama yofunika kukongola.

Wopereka katundu ku ofesi ya boma ayambe wafunsa kwa anzake omwe adaperekako kale kuti malipiro amatenga nthawi yaitali bwanji, asunge pepala la oda ndi la umboni woti katundu adalandiridwa, ndipo asaike mpamba wonse pa oda imodzi. Pomaliza, kabuku kolembamo zogula ndi zogulitsa tsiku lililonse, pamodzi ndi ndalama zodutsa pa akaunti kapena pa foni, ndi umboni womwe banki imatha kuwerenga. Boma likadzachepetsa kukongola, mabanki adzatuluka kukafuna amalonda, ndipo adzayambira kwa amene ali ndi mabuku.